Ndemanga 23 pa nkhani imodzi: zotola ndi zosiya

Gulu la alembi likamaliza kukambirana nkhani yanu, mumabwerera kunyumba ndi mapepala odzaza ndi zilembo za anthu osiyanasiyana, ena alemba ndi cholembera chofiira, ena ndi pensulo, wina watumiza mawu pafoni usiku. Ntchito yeniyeni imayambira pamenepo, ndipo imagwiridwa ndi munthu mmodzi. Alembi ambiri amagwa mbali ziwiri. Ena amakana zonse chifukwa mtima wawawa. Ena amalola zonse chifukwa cha ulemu, nkhani n'kusanduka chigamba pa chigamba, mwini wake osaizindikiranso. Awa achiwiriwa ndiwo ambiri pakati pathu, ndipo ndiwo amene amaononga nkhani zabwino. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chinthu choyamba kudziwa n'chakuti ndemanga iliyonse imabwera ndi zinthu ziwiri zomatirirana. Muli umboni, ndiye kuti malo pamene wowerenga anapunthwa, anatopa, anasokonezeka kapena anakayikira. Mulinso mankhwala, ndiye kuti zimene iye akuganiza kuti muchite. Pa umboni wowerenga salakwa kawirikawiri, pakuti munthu akati anatopa pa tsamba lachitatu ndiye kuti anatopadi, ndipo palibe chotsutsana naye. Pa mankhwala ndiye amalakwa nthawi zambiri, chifukwa sadziwa kumene nkhani ikulowera monga mukudziwira inu. Kusankha ndemanga ndi kumatula ziwirizi. Umboni mumasunga wonse, mankhwala mumayesa limodzilimodzi.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti mwalemba nkhani yaifupi ya masamba 8, mawu pafupifupi 2,400. Bambo wina telala wamwalira. Mkazi wake akudziwa kuti maliro akangotha alamu ake adzafuna kugawa katundu, choncho usiku wa pasiwa akuzembetsa makina osokera kupita nawo kwa mnansi. Patapita masiku, mlamu akufunsa za makinawo pamaso pa abale, mayiyo n'kuyankha kuti anagulitsidwa kalekale kuti alipire kuchipatala. Mwana wawo wamkazi wa zaka 12 ali pomwepo, ndipo nkhani ikutha mwanayo atangokhala chete. Anthu 6 awerenga, ndipo mwatola ndemanga 23.

Musanatsegule ndemangazo, lembani chiganizo chimodzi papepala lapadera chonena chimene nkhaniyo ili. Osati phunziro lake, koma chimene chikuchitika ndi amene chikumuchitikira. Pa nkhani yathuyi chiganizocho chingakhale chakuti: mwana akumva mayi ake akunama kwa nthawi yoyamba, ndipo akusankha kuwabisira. Taonani kuti chiganizochi chikuika mwana pakati. Sichikunena za mlamu, sichikunena za kulanda chuma cha masiye, ngakhale zonsezo zilimo. Ichi ndicho muyeso wanu. Ngati simungathe kulemba chiganizo chotere, ndiye kuti simunakonzeke kusankha ndemanga, chifukwa ndemanga iliyonse idzakukokerani kwake ndipo simudzakhala ndi poponda. Zikatero yambani mwawerenganso nkhani yanu nokha.

Kenaka dikirani. Masiku atatu ndi ochepetsetsa, sabata imodzi ndi yabwino. Usiku wa tsiku la msonkhano lembani chabe zimene zanenedwa pakamwa zisanaiwalike, mawu ake enieni monga anawanenera munthuyo, pamodzi ndi dzina lake ndi tsamba limene amanena. Musasinthe kanthu m'nkhani. Tsiku limenelo khutu limamva mawu okoma ndi mawu obaya okha, pomwe ndemanga zothandiza zambiri zimanenedwa mopanda moto ndipo zimadutsa osamveka.

Nthawi yosanja ikakwana, tengani kope loyera la nkhaniyo, losalembedwapo kanthu, ndi kukopera ndemanga zonse m'mphepete mwake, iliyonse pafupi ndi ndime imene ikunena. Apa mayina asiyeni. Chifukwa chake chili pawiri. Choyamba, mukasanja ndemanga potsata tsamba osati potsata munthu, mumaona pamene zaunjikana, ndipo muluwo umakuuzani zambiri kuposa mawu a munthu aliyense payekha. Chachiwiri, dzina limalemera. Gulu lodziwika la alembi la ku Chancellor College, lomwe linayamba mu 1970 ndipo munadutsa alakatuli monga Jack Mapanje ndi Frank Chipasula, linkakhazika ophunzira ndi aphunzitsi awo pamodzi kukambirana zolemba. Magulu ambiri lero ali chimodzimodzi, muli mphunzitsi wopuma ntchito, muli amene anasindikizapo buku, muli mtsikana amene wangomaliza Fomu 4. Ndemanga ya amene anasindikizapo buku imalowa m'mutu ngati lamulo, ya mtsikanayo ngati yongocheza. Pakope lopanda mayina zonse zimaima mofanana.

Pa nkhani ya telala ija, mutakopera, mukupeza kuti ndemanga 7 ndi za kalembedwe ka mawu, 3 zikutsutsa kuti zinazake sizichitika choncho pamoyo weniweni, 6 zikuonetsa pamene munthu anapunthwa, 5 ndi zofuna za owerenga, ndipo 2 ndi zoyamikira. Za kalembedwe ikani pambali kaye, muziona pomaliza. N'kutaya nthawi kukonza zilembo m'ndime imene mwina mawa muichotsa yonse.

Yambani pamene paunjikana. Pa tsamba 3 pali ndemanga zinayi. Wina walemba kuti apa nkhani yazizira. Wina akuti chotsani tsamba lonseli. Wachitatu akuti onjezerani zokambirana kuti pakhale moyo. Wachinayi sanapereke maganizo alionse, wangozungulira mawu amodzi n'kufunsa kuti, akulankhula apa ndani? Mukatsata mankhwala mwasokonezeka kale, pakuti wina akuti chotsani, wina akuti onjezerani. Koma umboni wawo ndi umodzi, anthu anayi mwa 6 anataya njira pa tsamba lomwelo. Tsono werengani tsambalo mokweza, ngati munthu amene sakudziwa nkhaniyo. Pa tsambali pali anthu atatu akuluakulu pakhonde, mayi, mlamu ndi azakhali a malemu, ndipo wofotokoza nkhani akuwapatsa onse ulemu. Mizere ikuyenda motere: anati, anayankha, iwo anawayang'ana, anawauza kuti adikire. M'Chichewa “anati” angakhale munthu mmodzi, angakhale anthu ambiri, angakhalenso munthu mmodzi wolemekezedwa, ndipo sasonyeza ngati ali mwamuna kapena mkazi. Mlembi amaona nkhope za anthu ake m'mutu mwake, choncho kwa iye zonse n'zomveka. Wowerenga amangoona “anati” kasanu motsatizana. Akalephera kudziwa amene wanena mawu obaya aja, mkangano wonse umafa, ndipo iye amangomva kuti nkhani yazizira osadziwa chifukwa chake.

Choncho tsambalo silifunika kuchotsedwa, silifunikanso zokambirana zina. Likufunika kutchula wolankhula pamalo anayi kapena asanu, kupatsa aliyense mzere wake watsopano akayamba kulankhula, ndi kumupatsa mlamu kanthu kochita ndi manja, monga kupinda ndi kutambasula kapepala kamene walembapo katundu, kuti wowerenga azimuzindikira ngakhale dzina lisanatchulidwe. Ndemanga imene inathandiza kwambiri ndi ya uja anangofunsa funso. Zimakhala choncho kawirikawiri. Funso la wowerenga limaloza chala pabala penipeni, pomwe langizo limakhala litadumpha kale sitepe imodzi.

Koma kuchuluka kwa ndemanga kumanamizanso, ndipo apa mpofunika kusamala. Ngati anthu anayi analemba maganizo awo aliyense payekha kunyumba, asanakumane, umenewo ndi umboni wa anthu anayi. Ngati maganizowo ananenedwa pamsonkhano, woyamba atalankhula munthu wolemekezeka, ena atatu n'kumati “inde, nanenso ndinaona zomwezo”, umenewo ndi umboni wa munthu mmodzi wobwerezedwa kanayi. Anthu safuna kutsutsana ndi wamkulu pagulu, ndipo ena sanaganizepo n'komwe za tsambalo mpaka atamva. Njira yodziwira ndi kuyang'ana makope awo. Ngati pamakope atatuwo tsamba 3 ndi loyera, kuvomereza kwawo kwa pakamwa musakuwerengere. N'chifukwa chake gulu labwino limapempha aliyense kulemba ndemanga zake pakope asanabwere, ndipo limasinthasintha woyamba kulankhula.

Ndemanga ya munthu mmodzi yekha nayo isatayidwe chifukwa ili yokha. Pa tsamba 6 wowerenga mmodzi walemba kuti, nanga mwanayu wadziwa bwanji zimene mlamu uja akuganiza? Mukayang'ana mukupeza kuti nkhani yonse ikuonedwa ndi maso a mwana, koma m'ndime imodzi wofotokoza walowa mumtima mwa mlamu n'kutiuza kuti ankadera nkhawa ngongole zake. Anthu asanu sanaone, koma cholakwikacho chilipo ndipo mungathe kuchiloza ndi chala. Ndemanga yotere, imene mungaitsimikize nokha papepala, siifuna voti. Funso lotsala ndi la kakonzedwe. Ngati ngongole za mlamu n'zofunika kuti asaoneke ngati chilombo chabe, mwana angamve azakhali akunong'ona za ngongolezo kukhitchini. Ngati sizofunika, ndimeyo ichoke.

Tsopano ndemanga zitatu zonena kuti izi sizichitika choncho. Zimenezi n'zokoma kugwira chifukwa yankho lake lili kunja kwa gulu, ndipo mungathe kukalifufuza. Lamulo lake ndi lakuti musazilole kapena kuzikana musanafunse munthu amene amagwira ntchitoyo kapena amakhala kumaloko.

Yoyamba ikuti mayi mmodzi sanganyamule makina osokera opondera, usiku, mwakachetechete, chifukwa miyendo yake ndi yachitsulo ndipo ndi olemera. Pitani pakhonde la sitolo mukafunse telala. Adzakuonetsani kuti mutu wa makina umachoka patebulo, mumavula lamba pagudumu, mumaweramitsa mutuwo chammbuyo n'kuumasula pamahinji ake, ndipo atelala ambiri amatenga mutu wokhawo poweruka. Wowerenga uja ananena zoona, ndipo choonacho chikukupatsani chinthu choposa chimene munalemba. Mayiyo anyamule mutu wokha, ataukulunga m'chitenje. Tebulo litsale m'nyumba ndi bowo lake pakati, lamba ali lendelende. Ndiye mlamu akamafunsa za makina, akhale ataimirira pafupi ndi tebulo lomwelo, ndipo bodza la mayi lakuti makina anagulitsidwa kalekale likhale lovuta kukhulupirira, pakuti ndani amagula mutu n'kusiya tebulo? Ndemanga ya mtundu uwu ilandireni ndi manja awiri.

Yachiwiri ndi yovutirapo. M'nkhanimo mlamu akuti nyumba ino ndi yakwathu. Wowerenga wochokera ku Dedza akuti zimenezo sizingatheke, chifukwa mwamuna amakhala pachikamwini, nyumba imamangidwa pamalo a kwa mkazi, ndipo abale a mwamuna alibe pakamwa pa nyumbayo. Pamsonkhano wina wochokera ku Mzimba anamutsutsa, nati kwawo mkazi ndiye amapita kwa mwamuna ndipo mawu a mlamuwo ndi achizolowezi. Onse awiri akunena zoona za kwawo. Anthu awiri akatsutsana chonchi pa chinthu chimodzi, musasankhe wopambana. Funsani kuti n'chiyani chimene nkhani sinanene, chimene chalola aliyense kudzaza mpatawo ndi mudzi wakwawo. Pano nkhani sinatchule kumene banjali likukhala ndi mtundu wa ukwati wawo. Chiganizo chimodzi pa tsamba loyamba, chonena kuti mayiyu anatengedwa chitengwa ndipo kwawo n'kutali, chikutseka mkanganowo, komanso chikuonjezera mantha ake chifukwa tsopano tikudziwa kuti alibe mbale pafupi.

Yachitatu ikuti masiku ano kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ndiye nkhaniyi ndi yachikale. Mbali yoyamba ndi yoona. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kutenga katundu wa womwalira popanda chilolezo cha lamulo ndi mlandu. Koma mbali yachiwiri siitsatira, pakuti kukhalapo kwa lamulo sikutanthauza kuti mchitidwewo unatha. Apa mukulola mfundo koma mukukana chigamulo. Ndipo mfundoyo ingagwire ntchito. Mlamu wa masiku ano sanganene poyera kuti tikutenga. Anganene kuti tikungofuna kusungira ana, katundu angaonongeke. Mawu ofewawo ndi oopsa kuposa kukalipa, ndipo akuonetsa munthu amene akudziwa kuti lamulo lilipo.

Zofuna za owerenga ndizo zimavuta mtima, chifukwa nthawi zambiri zimachokera kwa anthu amene aikonda nkhaniyo. Awiri akufuna kuti mlamu alangidwe pamapeto, mmodzi akuti apolisi abwere, wina akuti nkhani ilibe phunziro. Chizolowezi chofuna phunziro pamapeto n'chozama, tinakula ndi nthano za pamoto zimene woipa amalandira zake, ndipo kusukulu tinkafunsidwa kutchula phunziro la nkhani iliyonse. Sikulakwa kufuna zimenezo. Koma bwererani ku chiganizo chanu chija. Nkhani ndi ya mwana amene akusankha kubisira mayi ake. Apolisi akalowa, nkhani yasanduka ya mlamu, ndipo kukhala chete kwa mwana kwatha ntchito. Imeneyo ingakhale nkhani yabwino, koma ndi ina, ndipo amene akuifunayo angathe kuilemba yekha. Chizindikiro cha ndemanga yotere n'chakuti imayamba ndi mawu onga “ndikanakhala ine” kapena “bwenzi zitakoma”, ndipo kuti muitsate muyenera kusintha chiganizo chanu cha muyeso.

Komabe musanaitaye, yang'anani ngati pansi pake palibe umboni. Pa tsamba lomaliza pali ndemanga ina yaing'ono, ya munthu wachitatu, yofunsa kuti, kodi mwanayu akudziwa kuti mayi ake akunama? Funso ili likusintha kaonedwe ka zonse. Mukabwerera pa tsamba 2 mukupeza kuti mayi anatuluka ndi makina mwana ali m'tulo. Inu mumadziwa kuti mwanayo anaona, koma simunalembe. Ndiye kwa wowerenga, kukhala chete kwa mwana pamapeto sikusankha kanthu, ndi mwana chabe amene alibe chonena. N'kutheka ndithu kuti awiri aja anafuna kuti mlamu alangidwe chifukwa mapeto anawaonekera opanda kanthu, ndipo anafunafuna chodzazira. Kukonza kwake sikuli pamapeto pamene adandaula. Kuli masamba asanu ndi limodzi m'mbuyo, ziganizo zitatu zoonetsa mwana atadzuka pakati pa nyimbo za pasiwa, akuona mayi ake akudutsa kuseri kwa nyumba atasenza chinthu cholemera m'chitenje, ndipo mayiyo osamuona. Vuto loonekera pamapeto nthawi zambiri gwero lake lili koyambirira, pamene chinthu chinayenera kubzalidwa koma sichinabzalidwe.

Ndemanga ziwiri zina n'zotsutsana poyera. Wina akuti chiyambi chatalika, yambani pamene alamu afika. Wina akuti maliro mwawathamangira, onjezerani mwambo wake. Apa palibe chosowa m'nkhani monga zinalili pa chikamwini paja, ndi kukonda kosiyana basi. Mmodzi amakonda nkhani yothamanga, wina amakonda yokhazikika. Yesani ndi muyeso wanu. Usiku wa pasiwa sungachoke chifukwa mpamene mwana akuona chimene adzabise. Mwambo wa kumanda suonjezera kanthu pa mwanayo. Zonse ziwiri zisiyeni, nkhani ikhale monga ilili.

Yotsala ndi ya bambo wamkulu wa m'gululo, amene anaphunzitsa Chichewa zaka zambiri. Akuti muchotse mawu obwereka monga bilu, lendi ndi loya, ndipo muthire miyambi kuti chinenero chikome. Iyi ndi yofunika kuigawa pawiri. M'mawu a wofotokoza nkhani, ngati mwalemba mawu obwereka pamene pali mawu a Chichewa amene aliyense amawanena, bamboyo akunena zoona, ndipo n'kutheka kuti munalemba mwaulesi. Koma m'kamwa mwa ampangankhani muyeso ndi wina. Mkazi wa telala wa pamsika amati bilu ya kuchipatala, ndipo mukamuika m'kamwa mawu a m'mabuku wowerenga asiya kumukhulupirira pa mzere womwewo umene bodza lake liyenera kumveka ngati zoona. Za miyambi nazo zimadalira wolankhula. Azakhali okalamba angaponye mwambi umodzi pakhonde paja ndipo ungakhale m'malo mwake. Mwana wa zaka 12 amene akutionetsa nkhaniyi saganiza m'miyambi. Amati mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo pa ndemanga n'zoona m'njira yakuti muyenera kuwagoneka masiku angapo musanawayankhe. Sizitanthauza kuti onse alowe m'nkhani.

Anthu ambiri amalola ndemanga za akuluakulu osati chifukwa akhutira, koma chifukwa sadziwa kakanidwe. Chodziwa n'chakuti simuyenera kukana pamaso. Pamsonkhano ntchito ya mlembi ndi kumvetsera ndi kulemba, ndipo magulu ambiri amamuletsa kulankhula mpaka onse atamaliza, chifukwa akangoyamba kufotokoza zimene amatanthauza, owerenga amasiya kunena zimene anaona papepala. Nthawi yanu ikafika, “Zikomo bambo, ndalemba zonse, ndikaziona bwinobwino” ndi yankho lokwanira ndiponso loona. Ngati mukufuna kufunsa, funsani za malo osati za maganizo: “Kodi ndi mzere uti umene mawuwa anakukhumudwitsani kwambiri?” Funso lotere limasandutsa langizo lalikulu kukhala umboni umene mungaugwiritse ntchito. Ndipo mukadzabweretsanso nkhaniyo, mulibe ngongole yofotokozera aliyense chifukwa chimene maganizo ake sanalowe. Bambo uja akadzafunsa, muuzeni zimene munatenga kwa iye, pakuti zilipo.

Pali chinthu china chimene mlembi ayenera kudziyang'anira yekha, ndicho mkwiyo wake. Ndemanga imene siikukhudza nkhani yanu imaiwalika msanga, mumaiwerenga n'kudutsa. Imene mukuikumbukirabe patapita sabata, imene mukuiyankha mumtima mukuyenda pamsewu, kawirikawiri yagunda pamalo amene munkawakayikira kale koma munkayembekeza kuti palibe aone. Ikatero iyeseni pakope lina. Lembani ndimeyo monga akunenera, muwerenge ziwirizo mokweza motsatizana. Kuyesa kumatenga theka la ola, ndipo khutu limagamula msanga kuposa mkangano wa m'mutu. Mbali inayi, samalani ndi ndemanga imene mwailola mofulumira chifukwa ndi yosavuta. Kusintha mutu wa nkhani kapena dzina la mpangankhani kumakupatsani mtima woti mwagwira ntchito, tsamba 2 likadali lopanda mwana wodzuka.

Ndemanga ziwiri zoyamikira zija musazione ngati zongosangalatsa mtima. Onse awiri atchula ndime imene mayi akuyankha mlamu ali kalikiliki kupeta mpunga, osadzutsa mutu. Zungulirani ndimeyo ndi kulemba pambali kuti musakhudze. Pokonza nkhani dzanja limazolowera kusintha, ndipo n'kosavuta kusalaza ndime yomwe inali ndi moyo chifukwa choti yayandikana ndi ina yodwala. Kuyamikira kothandiza ndi kumene kwatchula malo. “Nkhani yabwino kwambiri, pitirizani” ndi moni chabe.

Pokonza, yambani ndi zazikulu kutsikira ku zazing'ono. Sungani nkhani yoyambayo osaikhudza, ndipo ntchito muigwirire pakope lina lokhala ndi deti m'dzina lake, kuti mukaononga mukhale ndi pobwerera. Choyamba lowetsani zimene zikusintha zochitika, ndiye mwana wodzuka, mutu wa makina ndi chitengwa. Chilichonse mwa izi chimakoka zina. Mukasintha makina kukhala mutu wokha pa tsamba 2, fufuzani paliponse pamene makinawo atchulidwa, chifukwa pa tsamba 5 mwina munalemba kuti pangodya pamene pankakhala makina panali pululu, pomwe tsopano tebulo lilipo. Zolakwika zambiri za m'nkhani zokonzedwa zimabadwa chonchi, kusintha malo amodzi n'kuiwala abale ake. Kenaka konzani tsamba 3 ndi ndime ya tsamba 6.

Pomaliza pake ndiye tsegulani ndemanga 7 za kalembedwe. Izi zili ndi poyezera, malamulo a kalembedwe ka Chichewa amene anatuluka mu 1973 n'kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990, komanso mtanthauziramawu. Wina akakonza “kubwela” kukhala “kubwera” walondola, pakuti r amalembedwa pambuyo pa i ndi e, ndipo palibe chokambirana. Pa zisanu ndi ziwirizo mwina zisanu ndi za mtundu umenewu. Ziwiri zotsalazo zikukonza mawu a azakhali, amene mwadala munawalemba monga amalankhulira anthu a kwawo. Zimenezo zisiyeni, bola azakhaliwo alankhule choncho kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo kalankhulidwe kawo kasalowerere m'mawu a wofotokoza nkhani. Ngati wowerenga anaganiza kuti mwalakwitsa, onani ngati sichifukwa choti munachita pamzere umodzi wokha n'kuiwala pa inayo.

Mukamaliza, nkhaniyo musaibwezere kaye ku gulu lomwelo. Anthu 6 aja akuidziwa kale, akudziwa kuti mwana anaona, ndipo sangathenso kuiwerenga ngati alendo. Komanso aliyense adzayamba wafufuza ngati ndemanga yake inalowa. Pezani munthu mmodzi kapena awiri amene sanaionepo, muwapatse osafotokoza kanthu, ndipo akamaliza muwafunse mafunso okhala ndi yankho: ndani ananena kuti tikungosungira ana? Makina ali kuti? Mwana akudziwa chiyani pamapeto? Akayankha molondola onse atatu, zimene munakonza zagwira. Akalephera la wolankhula, tsamba 3 likufunabe ntchito. Akati mwana sakudziwa kanthu, ziganizo zitatu zija zabisika kwambiri pakati pa nyimbo za pasiwa ndipo ziyenera kupatsidwa ndime yawoyawo. Yang'ananinso kutalika. Nkhani imene inali ya mawu 2,400 ikafika 3,500 pambuyo pa msonkhano umodzi, kawirikawiri ndiye kuti mlembi wakhala akuyankha owerenga m'kati mwa nkhani, kufotokozera aliyense chimene anafunsa. Zosintha zonse za m'chitsanzo chathuchi zikuonjezera mawu osapitirira 150, ndipo ndime ya tsamba 6 ikachoka ena mwa iwo abwerera.